Lipoti la msonkhano wa kapimidwe ka kaboni wa m'nthaka

A Wapampando ndi alangizi anzanga nonse, munandituma ku msonkhano wa masiku atatu umene unachitikira mu labotale yopimira nthaka, kuti ndikaone mmene nambala ya kaboni imene timaiwerenga pa mapepala a zotsatira imapezekera. Ndinanyamula madothi awiri monga tinagwirizanirana: katondo wa m'munda wa chimanga wa ku Katete, ndi makande akuda a m'dambo lina la kufupi ndi Chipata. Madothi onsewa ndinawapima ndi manja anga, katswiri wa labotaleyo ataima pambali.

Njirayi ndi ya Walkley ndi Black, amene anaifalitsa mu 1934. Dothi amaliumitsa pamthunzi, n'kulipera, n'kulisefa pa sefa ya mabowo a 0.5 mm. Ndinayeza galamu imodzi ya katondo, n'kuika mu fulasiki ya mamililita 500, kenako ndinathiramo mamililita 10 a potaziyamu dayikolometi, K2Cr2O7, wa mphamvu ya 1 N, amene amakonzedwa posungunula magalamu 49.04 mu lita imodzi ya madzi. Pamwamba pake ndinathirapo mamililita 20 a asidi wa salifyuriki wosasungunula, n'kuzunguza fulasikiyo kwa mphindi imodzi. Nthawi yomweyo galasi linatentha moti sindikanaligwira kunsi, ndipo mtundu wa lalanje unayamba kuda n'kulowera ku wobiriwira. Fulasiki saiika pamoto, chifukwa kutentha kumene asidi amatulutsa akakumana ndi madzi ndi kumene kumathandiza dayikolometi kudya kaboni. Itakhala mphindi 30, tinathiramo madzi okwana mamililita 200 ndi madontho ochepa a feroyini, mankhwala osonyeza mapeto a ntchito.

Apa ndi pamene ambiri a ife tinasokonezeka tsiku loyamba. Byureti, kachubu kagalasi ka manambala kodonthezera mankhwala, sipima kaboni ayi. Imapima dayikolometi amene watsala kaboni atadyedwa. Timadontheza ferasi amoniyamu salifeti wa 0.5 N mpaka mtundu utachoka pa wobiriwira n'kusanduka wofiira modera, ndipo kusinthako kumachitika pa dontho limodzi lokha. Choncho dothi la kaboni wambiri limatenga mamililita ochepa, pamene losauka limatenga ambiri. Kuti tidziwe dayikolometi amene wadyedwa, pamafunika fulasiki ina imene yalandira zonse kupatula dothi. Yathu inatenga mamililita 20.4, ya katondo inatenga 14.6.

Masamu ake ndi awa:

```
N  = 10 / B
%C = (B - S) x N x 0.003 x 100 x f / W
```

B ndi mamililita a fulasiki yopanda dothi, S ndi a fulasiki ya dothi, W ndi kulemera kwa dothi m'magalamu, f ndi nambala yokonzera yankho pomaliza, ndipo N ndi mphamvu yeniyeni ya ferasi pa tsikulo. Ferasi amafooka akamakumana ndi mpweya, n'chifukwa chake 0.5 yolembedwa pa botolo saikhulupirira. Kugawa 10 ndi 20.4 kunatipatsa 0.490. Kusiyana kwa mafulasiki awiri aja kunali mamililita 5.8, amene pochulukitsa ndi 0.490 anapereka 2.84. Nambala ya 0.003 inandivuta mpaka katswiri uja ataifotokoza pa bolodi: kaboni amalemera 12 ndipo atomu iliyonse imataya maelekitironi anayi, motero mililita imodzi ya dayikolometi wa 1 N imadya mamiligalamu atatu a kaboni. Ndiye kuti m'galamu imodzi ya katondo munadyedwa magalamu 0.0085, amene ndi 0.85 peresenti.

Nambala imeneyi si yomaliza, chifukwa kutentha kwa asidi sikokwanira kudya kaboni yense. Eni njirayi anapeza kuti pafupifupi magawo 76 pa 100 ndi amene amadyedwa, ndiye pamafunika kuchulukitsa ndi f. Malabotale ena amagwiritsa ntchito 1.30, ena 1.33. Ndi 1.30 katondo wathu anafika pa 1.11 peresenti. Ena amapitiriza kuchulukitsa ndi 1.724 kuti apereke kuchuluka kwa zoolerana zonse za m'nthaka, ndipo pamenepo dothi lomwelo limalembedwa 1.91 peresenti. Ndikupempha kuti tilingalire bwino zimenezi: 0.85, 1.11 ndi 1.91 ndi dothi limodzi, fulasiki imodzi, tsiku limodzi. Ndinakumbukira mmene tinasangalalira chaka chatha poyerekeza mapepala awiri a munda wachitsanzo wa mtayakhasu, poganiza kuti kuphimbira ndi mapesi kwachulukitsa kaboni m'nyengo ziwiri zokha. Nditabwerako ndawaonanso mapepalawo, ndipo loyamba linalemba kaboni pamene lachiwiri linalemba zoolerana. Zandipweteka mtima chifukwa alimi tinawauza kale nambala zija.

Makande a m'dambo anandiphunzitsa china. Nditathira asidi pa galamu imodzi, fulasiki inasanduka yobiriwira kwambiri isanakhale n'komwe, ndipo podontheza inangotenga mamililita 3.1. Masamu anapereka 3.31 peresenti, koma katswiri uja anakana kuti ndilembe. Anandionetsa kuti dothilo linali litadya magawo 85 pa 100 a dayikolometi, ndipo lamulo n'lakuti zikapitirira magawo atatu mwa anayi, mankhwala amakhala atachepa moti kaboni wina amatsala osadyedwa. Ndinabwereza ndi magalamu 0.25 okha. Ulendo uno byureti inaima pa 15.2, kusiyana kunali 5.2, ndipo yankho linakwera kufika pa 3.98 peresenti. Tikamatumiza dothi la m'madimba, tizilemba pa thumba kuti ndi la m'dambo, kuti wopima achepetse kulemera kuyambira pachiyambi.

Zina zosokoneza anazitchula mwachidule. Mchere wa koloraidi, ndiponso ayironi wa m'dothi limene lakhala m'madzi ndipo silinaumitsidwe, zimadya dayikolometi ngati kaboni n'kukweza yankho. Makala a m'minda yotenthedwa sadyedwa mokwanira, choncho f imodzi siingayenere dothi lililonse. Zotsalira m'mafulasiki zili ndi kolomiyamu woopsa pa thanzi, ndipo amazisunga m'chigubu chotseka, sazithira m'ngalande. Chifukwa cha zimenezi, komanso kuopsa kwa asidi wosasungunula, maganizo amene tinali nawo opimira tokha ku ofesi ya kampu sindikuwavomereza, popeza tilibe kabati yokoka utsi kapena kotayira zotsalira.

Chimene ndikupempha kuti msonkhano wathu wotsatira uvomereze n'chakuti kalata iliyonse yoperekeza dothi izipempha labotale kulemba B, S, kulemera kwa dothi ndi f imene yagwiritsidwa ntchito, ndiponso kunena ngati nambalayo ndi ya kaboni kapena ya zoolerana. Ndi zimenezo aliyense wa ife angathe kubwereza masamu pa foni yake. Dothi la munda wachitsanzo lizitengedwa pa kuya kumodzimodzi, masentimita 0 mpaka 20, m'mwezi womwewo chaka ndi chaka, n'kupita ku labotale yomweyo. Kope limene ndinalembamo manambala a madothi awiri aja ndalisiya kwa a Mlembi, ndipo ndidzabwera ndi katondo wotsala kuti tidzawerengere limodzi pa bolodi.