Lipoti la msonkhano wa ochita geni ya zakudya ku Limbe

Amayi apampando, alembi, asungichuma ndi amayi anzanga nonse a banki m'khonde yathu, ndabwerako ku Limbe kumene munandituma Lachiwiri ndi Lachitatu lapitali. Ndayenda bwino. Tinasonkhana mu holo ya tchalitchi, ambiri tinali amayi a mandasi, zitumbuwa ndi thobwa, koma analiponso anyamata a chiwaya ndi abambo angapo owotcha kanyenya. Zinakambidwa ndi zambiri, za ngongole, za ukhondo, za mitundu ya geni imene munthu angayambe ndi mpamba wochepa. Zimenezo ndazilemba m'kope ndipo ndidzapereka kwa alembi. Pano ndikufuna ndikhazikike pa nkhani imodzi imene yandisowetsa tulo, chifukwa ikukhudza ife amene timabwereka ndalama mwezi ndi mwezi koma osaona pamene phindu likulowera. Nkhani yake ndi ya malo ogulitsira ndi nthawi yogulitsira.

Amene anatitsegula maso sanali mphunzitsi wa msonkhanowo ayi, anali mayi wina wa ku Chirimba amene wakazinga mandasi zaka zambiri. Anabwera ndi kakope kake kothimbirira ndi mafuta, n'kutiwerengera beseni limodzi la mandasi monga analigulitsira pa malo atatu osiyana. Mitengo ndi imene iwo anagulira sabata imeneyo, ndiye inu mudzaikepo yanu, poti masiku ano mtengo wa lero si wa mawa.

Iwo amakanda makilogalamu 5 a fulawa, ndipo amatulutsamo mandasi 150, lililonse K300. Fulawayo ndi K16,000, shuga K3,000, mafuta amene amathera m'mandasimo K10,000, yisiti ndi mchere K1,000, nkhuni K3,000. Zonse pamodzi K33,000. Apa anaima n'kutifunsa kuti, “Ndiye ndigulitse mandasi angati kuti mpamba wanga ubwerere?” Tinawerenga tonse, ndipo tinapeza 110. Tanthauzo lake n'lakuti mandasi 110 oyambirira si ako, ndi a mwini golosale ndi mwini nkhuni. Ako ndi 40 otsala pansi pa beseni aja. Amayi anzanga, ine ndakazinga mandasi zaka zinayi koma sindinaganizepo choncho. Ndinkati ndikaona beseni latsika kupitirira theka, mtima unkakhala pansi kuti lero zayenda, chonsecho ndisanafike n'komwe pa mpamba.

Malo oyamba anali pakhomo pawo, kabenchi pamphepete mwa njira. Palibe thiransipoti, palibe chiphaso. Koma ogula ndi omwewo a m'mudzimo, ndipo pofika madzulo anali atagulitsa 120. Phindu K3,000 basi. Mandasi 30 otsala aja, ena anadya ana, ena anagulitsa m'mawa mwake motsitsa mtengo chifukwa anali atauma.

Ataona choncho anati kuli anthu ndi kumsika waukulu. Anakwera minibasi ndi beseni lawo, n'kukhala kumeneko kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Anagulitsadi ambiri, 140. Koma thiransipoti yopita ndi yobwera, chiphaso cha msika ndi kachakudya ka masana zinadya K4,500, amene ndi mandasi 15. Ndiye mpamba sunabwerere pa 110 koma pa 125, ndipo anabwerera kunyumba ndi phindu la K4,500 atapsa ndi dzuwa maola khumi. Anatiuzanso kuti pamzere umene anakhala panali mabeseni ena asanu ndi limodzi a mandasi omwewo, ndipo wogula aliyense anali kale ndi mayi wake womuzolowera.

Malo achitatu ndi amene ali mpaka lero: pafupi ndi geti la fakitale ina, mtunda woti amayenda wapansi beseni lili pamutu. Amafika hafu pasiti 5 m'mawa. Anthu olowa ntchito amakhala atadzuka usiku, sanamwe tiyi, ndipo amaima pagetipo kudikira kuti atsegule. Pofika 8 koloko mandasi onse 150 atha, phindu K12,000, m'maola awiri ndi theka. Fulawa yemweyo, manja omwewo, mafuta omwewo.

Mphunzitsi uja anangowonjezerapo mawu ochepa, ndipo ndinawagwira. Anati tisamawerenge anthu odutsa, tiziwerenga anthu oima. Pamsewu wa pakati pa Limbe pamadutsa khwimbi la anthu, koma munthu wothamangira minibasi kapena wonyamula katundu manja onse awiri sapisa m'thumba. Amene amagula chakudya ndi amene waima, ali ndi njala, ndipo kunyumba kwake kuli kutali: wodikira minibasi idzaze pa siteji, wodikirira wodwala panja pa chipatala, wakabaza wodikira kasitomala, mmisiri pamalo omanga nyumba. Ndipo aliyense wa amenewa ali ndi ola lake. Wapafakitale ndi mbandakucha, mwana wasukulu ndi nthawi ya buleki ndi yoweruka, mmisiri ndi 12 koloko.

Musaganize kuti pageti paja ndi pa uchi pokhapokha. Ndinawatsata mayi aja nthawi yopuma kuti andiuze zovuta zake, ndipo sanandibisire. Amakanda madzulo, n'kudzuka 2 koloko usiku kuyamba kukazinga, chifukwa mandasi ozizira pagetipo sayenda. Lamlungu palibe malonda, ndiponso fakitale ikatseka pa tchuthi cha Khirisimasi amakhala masabata osagulitsa. Chachikulu ndi ngongole. Antchito amatenga mandasi kuti adzalipira pakutha pa mwezi, ndipo wina akachotsedwa ntchito amapita ndi ndalama zako. Iwo anadziikira lamulo: ngongole ya tsiku isapitirire mandasi 20, ndipo amene sanalipire mwezi watha satenganso. Taonani chifukwa chake. Ngati phindu lonse lili m'mandasi 40, ukakongoza 50 ndiye kuti wakongoza ndi fulawa wa mawa yemwe.

Tsiku lachiwiri inali nkhani ya chiwaya, ndipo ndinatchera khutu chifukwa awiri mwa ife anabwereka ndalama kuti ana awo ayambe tchipisi. Apa nthawi imaluma kuposa pa mandasi. Mandasi ukakazinga wathana nawo moto, koma chiwaya chimadya nkhuni nthawi yonse imene chili pamoto, kaya pali wogula kaya palibe. Mafuta nawo akamangowira opanda kanthu amapsa. Mnyamata wina wa ku Ndirande anati poyamba ankayatsa 8 koloko m'mawa n'kuzimitsa 9 koloko usiku, poganiza kuti kukhalitsa ndiko kulimbikira. Atayamba kulemba ola lililonse mbale zimene wagulitsa, anapeza kuti pafupifupi zonse zimapita masana pakati pa 12 ndi 2 koloko, kenako kuyambira 5 koloko anthu akamaweruka. M'mawa monse ankangowotcha nkhuni ndi kudetsa mafuta. Pano amayatsa 11 koloko, ikakwana 2 amafumula nkhuni kusiya makala okha, n'kudzasonkhezeranso dzuwa litapendeka. Akuti mtolo umene unkatha tsiku limodzi tsopano umafika tsiku lachiwiri masana.

Anatisonyezanso mmene ungadziwire kuti mafuta atha ntchito: amada, amachita thovu losatha ukaponyamo mbatata, amafuka utsi moto usanakule, ndipo tchipisi chimatuluka chofiira kunja koma cholobodoka, chonunkha chiwaya. Kasitomala sakuuza, amangosamukira kwa mnzako. Mbatata yosenda isungidwe m'madzi kuti isade, ndipo usasende thumba lonse m'mawa, senda ya masana payokha, ya madzulo payokha. Za mtengo wa kachewere wochokera ku Ntcheu ndi ku Dedza anati umakwera ndi kutsika ndi nyengo, choncho mbale ikhale ndi muyezo umodzi wodziwika, kuti ukamasintha mtengo uzidziwa chimene ukusintha.

Pa za usiku sitinagwirizane. Anyamata ankati ndalama yeniyeni ili pafupi ndi malo omwera mowa kuyambira 8 koloko mpaka pakati pa usiku. Mwina n'zoona, koma ine ndinaimirira n'kunena kuti kwa ife amayi, ndiponso kwa ana athu, ndalama yoyenda nayo mumdima m'njira zathu zija ndi woledzera wokana kulipira ziyenera kulowa m'masamu omwewo. Ena anaombera m'manja, ena anang'ung'udza. Maganizo anga sanasinthe.

Za nyengo tinangodutsamo, poti tonse tikuzidziwa: June ndi July ndi wa tiyi, mandasi ndi mbatata yootcha, October ndi wa thobwa ndi madzi ozizira. Koma anatikumbutsa za kolera wa 2022 mpaka 2023, pamene makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika, ndipo sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Amene geni yake inali pageti la sukulu pokha anakhala manja lende ngongole ili pakhosi. N'chifukwa chake beseni lovundikira, chopanira kapena foloko m'malo mwa manja, ndi ndowa ya madzi ndi sopo si zokongoletsa ayi. Komanso malo ena okoma malonda ndi oletsedwa ndi malamulo a khonsolo, ndipo katundu akalandidwa tsiku limodzi, pa masamu a mayi aja ndi K33,000 yapita, pafupifupi phindu la masiku atatu a pageti. Musanakhazike beseni, funsani kwa tcheyamani wa msika kapena wa siteji, ndi kwa eni malo.

Tsono pempho langa ku gulu ndi ili. Aliyense wofuna ngongole ya geni ya zakudya ayambe wapita pamalo amene akufunawo masiku atatu, wopanda katundu. Limodzi likhale la pakati pa mwezi pamene matumba auma, lina la pakutha pa mwezi, lina Loweruka. Atenge nyemba m'thumba, ndipo akaona munthu wagula chakudya kwa amene alipo kale, asamutse nyemba imodzi kuika m'thumba lina, ola likatha awerenge n'kulemba. Aonenso kuti ogulitsa alipo angati, chifukwa ogulawo adzagawana nawo. Kenako abwere ku gulu ndi manambala awiri: zinthu zingati ayenera kugulitsa kuti mpamba ubwerere, ndi zingati akuona kuti pamalopo zingapite. Ngati nambala yachiwiri siposa yoyamba bwinobwino, tisamukanize ngongole, koma timuthandize kufuna malo ena kapena ola lina, kapenanso achepetse fulawa akande makilogalamu 3 m'malo mwa 5.

Ine ndayamba kale. Dzulo ndinakakhala pa siteji yathu kuyambira 5 koloko m'mawa, ndipo ndinadabwa kuona kuti ogula ambiri anali makondakitala ndi akabaza, isanakwane 7 koloko, nthawi imene ine ndimakhala ndikadali kupemerera moto. Ndidzabweretsa kope langa Lachisanu kuti tiwerengere limodzi, ndipo amene muli ndi geni kale mubwere ndi mitengo imene mwagulira sabata ino. Ndalama ya thiransipoti imene inatsala ndapereka kale kwa asungichuma pamaso pa alembi.

Zikomo pondituma.