Kalata kwa Chikondi ku Joni: uwafunse m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Wokondedwa Chikondi,

Kuno ku Lilongwe tili bwino, kaya iwe kumeneko. Ndamva kuti intavyu ya ntchito ya ukalaliki ku kampani ija ya ku Kanengo unachita pa foni, ndipo papita masabata awiri ali zii. Ukufunsa kuti uwakumbutse m'chiyankhulo chanji.

Yamba ndi imelo ya m'Chingerezi. Kampani yotere makalata ake onse ndi a m'Chingerezi, ndipo amene alandire uthenga wako sindiye mwini chiganizo. Adzautumiza kwa bwana wake, mwinanso kuusindikiza n'kuuika m'failo yako. Mizere inayi yakwana: dzina la ntchito, tsiku la intavyu, kuti ntchitoyo ukuifunabe, ndi tsiku limene ungafike kumudzi kuno kudzayamba. Chingerezi pamenepa chikuwauza kuti ukudziwa dongosolo la muofesi, komanso kuti kalata ya kwa kasitomala ungailembe.

Pakatha masiku atatu osayankhidwa, imba foni. Apa ndiye Chichewa chili ndi malo ake. Pereka moni wathu, “Mwaswera bwanji, bwana?”, utchule dzina lako, kenako umvetsere. Akapitiriza m'Chichewa, nawenso pitiriza, uziti “inu” mpaka kumapeto, ngakhale mawu ake akumveka ngati a mwana wamng'ono kwa iwe. Akayankha moniwo n'kutembenukira ku Chingerezi, wakuuza kuti nkhaniyi ndi ya ntchito basi, ndiye mutsatire komweko. Usaganizenso kuti aliyense muofesi amamasuka ndi Chichewa. Wina kwawo ndi ku Rumphi, ndipo pa zantchito amakonda Chingerezi.

Chimene ndikukuchenjeza kwambiri ndi mawu akuti “mundiganizireko”. Ine anandipweteketsa. Chaka chatha ndinalembera mayi wina wolemba anthu ntchito pa WhatsApp usiku, ndikuti, “Mayi, mundiganizireko pa nkhani ija.” Ndinaona timizere tiwiri tabuluu, koma yankho silinabwere. Patapita nthawi, mnzanga wogwira ntchito komweko anandiuza kuti mayiwo anaona ngati ndikufuna kulowera pawindo, mwinanso kulonjeza kangachepe. Zinandiwawa, chifukwa mumtima mwanga munalibe zimenezo. Chichewa chimakuyandikizitsa kwa munthu, ndipo amene sanakuzolowere angadabwe kuti ukumuyandikira chifukwa chiyani. Iwe ungonena kuti, “Ndimati ndimve nawo ngati zotsatira za intavyu ija zatuluka.”

Za ntchito inayo, ya kushopu ya zitsulo ku Malangalanga, ndi nkhani ina. Mwini wake amalemba anthu yekha, ataima pakauntala. Ukamutumizira Chingerezi chotalika adzati wa ku Joniyu ndi wodzimva, sangapirire fumbi la simenti. Muimbire m'mawa makasitomala asanachuluke, mulankhule Chichewa. Koma mukagwirizana za malipiro ndi tsiku loyamba, umupemphe kuti akulembere, ngakhale pa meseji, usanagule tikiti ya basi.

Unditumizire imeloyo ndiione usanaitumize. Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako,
Tadala