Dandaulo: akaunti yanga inatsekeka foni itagwera m'nyanja, koma mameseji anu akupita kwa munthu wina

Senga Bay
Salima

Kwa Mkulu woona za makasitomala

Wolemekezeka,

Ndine kasitomala wanu wa zaka zitatu. Ndimagula usipa kuno ku Senga Bay, kuwumitsa pathandala, n'kumakagulitsa ku Lilongwe, ndipo mpamba wanga ndimasunga pa apu yanu. Lero muli K640,000 yomwe sindingathe kuikhudza kuyambira pa 14 Juni. Nambala ya akaunti ndi ya chiphaso changa cha unzika zili pa pepala lomwe ndaphatikiza ndi kalatayi.

Tsikulo kunali mwera. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno kukachingamira boti kuti anzanga asandipitirire nsomba, funde linandigwetsa, foni inatuluka m'thumba la malaya n'kupita. Anyamata anaifufuza ndi mapazi mumchenga koma sinapezeke. Pa izi sindikuloza chala munthu.

Vuto linayamba pomwe ndinapita ku boma kuti akandipatse simukhadi ina ya nambala yomweyo. Anandiuza kuti nambalayo si yanga. Ndipo sananame. M'chaka cha 2018, pomwe MACRA inalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, chiphaso changa chinali chisanandipeze, choncho achimwene anga anailembetsa m'dzina lawo. Achimwenewo anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Ndife ambiri kuno kunyanja amene tikuyenda ndi nambala za m'dzina la m'bale, mwamuna kapena mwana, ndipo inu potsegula akaunti simunandifunse kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la yani. Munangoilandira. Ndinagula simukhadi yatsopano m'dzina langa, ndi kafoni kena, n'kuikamo apu yanu.

Apu inandifunsa nambala ya foni ndi pini, zonse ndinalemba molondola. Kenako inati popeza foniyo ndi yachilendo, yatumiza OTP ya manambala 6 ku nambala yanga yakale, yomwe ili pansi pa nyanja. Ndinapeza pomwe palembedwa kuti "Change number", ndinadina, ndipo inatumizanso OTP ku nambala yakale yomweyo kuti nditsimikize kuti ndine. Ndiye kuti wofuna kusintha nambala chifukwa yakale yatayika ayambe wapeza yotayikayo. Amene anakonza njira imeneyi ankaganizira munthu wokhala ndi mafoni awiri patebulo, osati ife.

Ndayimba ku nambala yanu yothandizira makasitomala kasanu ndi kawiri. Woyamba anati ndidikire maola 48. Wina anandifunsa ndalama zitatu zomaliza zomwe ndinatumiza, ziwiri ndinazikumbukira, yachitatu ndinaphonya ndi K500, basi nkhani inathera pomwepo. Wina anati ndipite ku ofesi yanu ku Lilongwe. Ndinapita, ulendo wa makilomita oposa 100, ndinasiya nsomba pathandala m'manja mwa mwana wa mlongo wanga. Kumeneko anandipatsa fomu, anajambula chiphaso, n'kunena kuti andiyimbira. Pa fomuyo panalibe malo olembapo nambala yatsopano, moti ndinailemba m'mbali ndi bolopeni. Ndikukhulupirira kuti ngati anayimba, anayimbira ya m'nyanja.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi si kuchedwaku ayi. Sabata yatha ndinangoti ndiyese kuyimba nambala yanga yakale. Inalira, ndipo anayankha mnyamata wina, akuti ali ku Dwangwa. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imaibweza pamsika n'kuigulitsa kwa wina, zimenezi n'zodziwika, ndipo inu muyenera kuzidziwa kuposa ine. Mnyamatayo anandiuza kuti kutha kwa mwezi analandira meseji yochokera kwa inu, yokhala ndi dzina langa komanso ndalama zotsala mu akaunti. Anandiwerengera mpaka tambala yomaliza. Ndinatuluka thukuta ndili pamthunzi.

Taonani mmene zilili. Pa apu yanu pali "Forgot PIN". Munthu akadina, mumatumiza OTP ku nambala yolembedwa pa akaunti, kenako mumafunsa tsiku lobadwa, akatero amasankha pini yatsopano. Ndikudziwa chifukwa ndinaiwalapo pini chaka chatha ndipo zinanditengera mphindi zosakwana zisanu. Mnyamata wa ku Dwangwa ali ndi nambala, dzina langa munamupatsa kale ndinu, chatsala ndi tsiku lobadwa lokha, lomwe lili pa chiphaso changa, ndipo chiphasocho chajambulidwa m'malo ambiri moti sindingawerenge. Iye akuoneka munthu wabwino, mwina n'chifukwa chake ndalama zikadalimo. Koma mpamba wanga ukusungidwa ndi chikumbumtima cha mlendo, pomwe ine mwini wake, wokhala ndi pini, chiphaso ndi nkhope yomwe munaijambula, mwanditsekera kunja.

Musandimve molakwa. Sindikupempha kuti muzisintha nambala pongomva mawu a munthu pa foni. Ndisanayambe za usipa ndinakhalapo ejenti wotumiza ndi kutapitsa ndalama pa Kamuzu Road, ndipo ndinaona ndi maso mmene akuba amachitira. Amayamba atolera dzina la munthu, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso, kenako amakadzionetsa ngati mwini wake amene wataya foni, n'kutenga simukhadi ya nambala yake. Mwini wake amangoona netiweki yazima pomwe anzake oyandikana nawo ili bwinobwino, amaganiza kuti foni yavuta, pofika mawa akaunti yauma. Choncho mukamakayikira munthu wonena kuti "ndataya foni", mukuchita bwino. Cholakwika n'chakuti mwaika chitetezo chonse pa nambala ya foni, chinthu chomwe chimagwera m'madzi, chimabedwa, chimagulitsidwa kwa wina. Ndipo ogwira ntchito anu akaona kasitomala wavutika, amatsegula zibowo zawozawo. Mmodzi mwa amene ndinalankhula nawo anandiuza kuti nditumize chithunzi cha chiphaso ndi pini yanga ku WhatsApp yake kuti "andikonzere msanga". Ndinakana. Mwina ankafunadi kuthandiza, koma pini siuzidwa munthu, ngakhale wa kampani, ndipo mayi wina wotopa ndi maulendo akanatumiza.

Njira ilipo, ndipo siifuna nzeru zakuya. Choyamba n'kusiyanitsa kutseka ndi kutsegula. Kutseka akaunti kukhale kophweka: munthu ayimbe ndi foni iliyonse, ngakhale yobwereka, atchule dzina ndi nambala ya chiphaso, ndipo nthawi yomweyo ndalama zisatuluke, OTP ndi mameseji asiye kupita ku nambala yakale. Wakuba sapindula kanthu potseka akaunti ya munthu, choipa chomwe angachite n'kumuvutitsa masiku ochepa. Ine ndinapempha zimenezi pa ulendo wachiwiri woyimba, anandiyankha kuti sangatseke popanda OTP. Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa.

Kutsegula ndiye kukhale kovuta, koma kotheka, ndipo kotheka kuno ku Salima. Tsiku lomwe ndinatsegula akaunti, wantchito wanu anabwera ndi foni pamsika, anajambula chiphaso changa mbali zonse ziwiri, anandijambula nkhope, anandiuza kuti ndiphethire ndi kutembenuza mutu kuti makina atsimikize kuti ndine munthu wamoyo osati chithunzi. Zonsezo muli nazo. Ngati zinakwanira kundilandira ndi ndalama zanga pansi pa mtengo, zikulephera bwanji kundizindikira lero? Sankhani ejenti mmodzi kapena awiri pa boma. Munthu afike yekha ndi chiphaso chenicheni, osati fotokope, ajambulidwenso, nkhope ifananizidwe ndi yakale, ndipo OTP ipite ku nambala yatsopano ali pomwepo kuti zidziwike kuti simukhadiyo ili m'manja mwake. Ejentiyo asakhale ndi mphamvu yovomereza yekha. Iye angotumiza, wovomereza akhale wina ku ofesi yemwe sakumudziwa kasitomalayo, chifukwa ejenti naye ndi munthu, akhoza kunyengedwa ndi kangachepe.

Zikatero musasinthe nthawi yomweyo. Dikirani masiku atatu. M'masiku amenewo tumizani uthenga ku nambala yakale, wopanda dzina kapena ndalama, wongonena kuti pali pempho losintha nambala ndipo ngati si inu yimbani kuti liimitsidwe. Tumizaninso kwa wachibale amene ndinamulemba pa fomu yotsegulira akaunti, yemwe mpaka pano simunamugwiritsepo ntchito. Ngati wopemphayo ndi wakuba, mwini wake weniweni foni ali nayo, aona uthengawo n'kuletsa. Ngati ndi ine, palibe woletsa ndipo masiku atatu akatha zatheka. Ndikudziwa kuti pa nkhani yanga uthengawo ufika kwa mnyamata wa ku Dwangwa, ndipo akhoza kuyimba n'kuletsa. Akatero mum'pemphe naye afike ndi chiphaso chake, muone nkhope yomwe ikufanana ndi ya pa akaunti. Sabata yoyamba akaunti ikatseguka muike malire, mwina K50,000 patsiku, kuti ngati mwanamizidwa kutaya kukhale kochepa. Masiku atatu ndi malire a sabata imodzi ndikanazilandira ndi manja awiri. Ndadikira miyezi isanu.

Pali kanthu kenanso kakang'ono komwe kakanandipulumutsa. Potsegula akaunti mukanandipatsa kapepala ka manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha, kosunga kunyumba pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana. Foni ikatayika, kapepalako ndi pini n'chiphaso zikanakhala umboni wokwanira kuyambitsa pempho. Kapepala kakhoza kunyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, n'zoona, ndiye sikangalowe m'malo mwa kuonekera pamaso, koma kakanachepetsa mzere kwa ejenti.

Miyezi isanuyi ndakhala ndikugula nsomba ndi ndalama za katapila, ndipo nyengo yomwe usipa unatchipa inandidutsa ndikungoyang'ana anzanga akudzaza matumba. Sindikupempha kuti mundibwezere zimenezo, ngakhale mtima ukufuna.

Ndikupempha kuti tsiku lomwe mulandire kalatayi muchotse nambala yakale pa akaunti yanga ndipo muimitse kutuluka kwa ndalama kulikonse. Mundiuze, pa nambala yatsopano yomwe ili pa pepala lophatikizalo, malo ndi tsiku loti ndifike ndi chiphaso changa kuno ku Salima, komanso mundipatse ndondomeko ya zonse zomwe zachitika pa akauntiyi kuyambira pa 14 Juni, kuphatikizapo ngati wina anayesapo kusintha pini. Mufufuzenso za wantchito amene anandipempha pini, tsiku ndi ola lomwe ndinayimba ndazilemba. Ndidikira yankho lolembedwa kwa masiku 14. Likapanda kufika, kalata yomweyi ndikaitula ku Reserve Bank of Malawi, ku nthambi yolandira madandaulo a anthu osunga ndalama.

Ndine kasitomala wanu,
Wogulitsa usipa wa ku Senga Bay