Za kankhope koseka kamene azakhali ako anaika pa uthenga wako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndawerenga mafunso ako, ndipo zandikhudza kuti pamwamba pa kuchotsedwa ntchito ukusowanso tulo chifukwa cha emoji imodzi, 😂, imene azakhali ako anaika popanda mawu ena alionse utangolengeza nkhaniyi pa gulu la banja lathu pa WhatsApp.

Wandifunsa ngati azakhali akowo amakuseka. Kwa inu amene mwakula ndi mafoni, kankhope kameneka kali ndi tanthauzo limodzi, la munthu amene waseka mpaka misozi kutuluka, ndipo sindikukudzudzula kuti unakamva choncho. Koma ife amsinkhu wathu, diso likagwera pa kankhopeko limayamba kuona misozi, ndipo misozi kwa ife ndi chisoni. Kusiyana kwake kuli pakamwa: 😂 kakumwetulira, mano ali pamtunda ndipo misozi ikuthothokera m'mbali, 😢 kali ndi msozi umodzi ndipo milomo yagwera pansi, pamene 😭 misozi ikutsika m'masaya ngati mitsinje iwiri. Iwe ukuidziwa foni ya azakhali ako, yaing'ono ija yosweka galasi pakona, ndiponso ukudziwa kuti amaiwerenga ataitalikitsa kumaso chifukwa magalasi awo anathyoka kalekale. Pa foni yotere pakamwa pa kankhope sipaoneka.

Wafunsanso kuti ungadziwe bwanji ngati kunali kulakwitsa. Choyamba, yang'ana pamene kankhopeko kali. Ine ndayang'ana, ndipo ndaona kuti sikanabwere ngati uthenga wapawokha, koma kamamatira kunsi kwa uthenga wako. Kuyambira mu 2022, munthu akadina uthenga pa WhatsApp n'kugwiritsa chala kwa kanthawi, pamatuluka mzere wa tizithunzi uwu: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Pakati pa koseka ndi kolira pali kankhope kamodzi kokha, moti chala cha munthu wogwira khasu sichichedwa kuphonya. Kakanabwera ngati uthenga wapawokha ndikanakuuza kuti uone zimene zinalembedwa pamwamba pa uthenga wako, chifukwa munthu amene amatsegula intaneti madzulo okha amalandira mauthenga a tsiku lonse nthawi imodzi, ndipo akhoza kukhala akuseka kanema wam'mawa asanafike n'komwe pa nkhani yako.

Chachiwiri ndi chimene chandikhazika mtima pansi. Ndinabwerera m'mbuyo pa gulu lomweli mpaka pa uthenga wa maliro a agogo a kwa bambo ako aang'ono, ndipo ndinapeza kuti azakhali ako analemba kuti, “Pepani anamfedwa, Mulungu akutonthozeni,” kenako anaika 😂 katatu. Anthu amene anagona pa siwa masiku awiri pa maliro amenewo sakanawaseka. Kwa azakhali akowo kankhope kameneka n'kolira, ndipo tonsefe tinalakwa posawauza nthawi imeneyo.

Sindikunena kuti aliyense woika kankhopeka pa tsoka la mnzake ndi wosalakwa, ayi. Chipongwe chilipo, ndipo chimadziwika motere: munthuyo nthawi zonse amaika 😢 kapena 🙏 pa nkhani zachisoni za ena koma kwa iwe yekha waika koseka, panali kale kusamvana pakati panu, ndipo ukamufunsa sadzidzimuka, amangoti, “Inenso ndimangocheza, bwanji ukukwiya?” Wolakwitsa mwangozi amachita manyazi nthawi yomweyo. Palinso mnzako wapamtima amene angaseke chifukwa iwe mwini unaifotokoza nkhaniyo moseka, monga muja umafotokozera za minibasi imene inakuthera mafuta panjira. Koma uthenga wako uja unalibe nthabwala ngakhale imodzi, ndiye akanakhala mnzako wa msinkhu wako amene anaika kankhopeko, ndikanati uli ndi chifukwa chomufunsa mwamphamvu.

Pa funso lako loti uwayankhe pa gulu pomwepo kapena ungotulukamo, ndikukupempha kuti usachite chilichonse mwa ziwirizi. Ukawafunsa pamaso pa ana ndi adzukulu awo udzawachititsa manyazi pa chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo ukatuluka, gulu lonse lidzasiya kukamba za ntchito yako n'kuyamba kukamba za mkangano umene kulibe. Uwaimbire foni madzulo, uwapatse moni monga mwa nthawi zonse, kenako unene kuti, “Azakhali, ndaona kankhope kamene munaika pa uthenga wanga, koma kameneka n'koseka, kolira ndi kena.” Akafuna kukachotsa, uwauze kuti adine kankhopeko kunsi kwa uthengawo, kenako adine pamene pali dzina lawo, ndipo kachoka.

Ngati mtima wako sunakonzeke kuwaimbira, undiuze. Loweruka ndikupita kukawaona, ndipo ndikawasonyeza tinkhope titatuti pa foni yanga, imene ili ndi galasi lalikulu.

Ndine mayi ako okukonda.