Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: za msonkho wolemetsa katundu mmodzi

A Pampando, akomiti ndi anzanga nonse a mumsika, ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri a za misonkho amene munanditumako aja. Malisiti a minibasi ndi a kogona ndawasiya kwa msungichuma, yemwe akufuna kuwaona apite akaone. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndamva kuti ena akuti ndinangopita kukadya alawansi.

Tsiku loyamba kum'mawa kunali malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka, palibe chimene ndinatolapo. Kenako anatiphunzitsa kudzaza mafomu, ndipo ndabwera nawo ena. Chimene chinandikhazika tcheru ndi phunziro la masana la mayi wina wophunzitsa zachuma ku yunivesite, lokhudza phindu limene limafera panjira msonkho ukakwera.

Anayamba ndi malonda amodzi okha. Tiyerekeze kuti wogula akufuna ndowa ya usipa ndipo mumtima mwake wakonzeka kulekeza pa K21,500. Wogulitsa akhoza kuilola pa K20,000 osaluza. Pakati pawo pali K1,500 yoti agawane ponenerera, ndipo onse apita kwawo okondwa. Tsopano ikanipo msonkho wa K2,000 pa ndowayo. Wogulitsa sangatsike pansi pa K22,000, wogula sangakwere kupitirira K21,500, basi asiyana. Wotolera msonkho sanalandire kanthu chifukwa ndowa sinagulidwe, ndipo K1,500 ija sinalowe m'thumba la munthu aliyense. Ndalama ya msonkho imene yatoleredwa imangosamuka, kuchoka kwa ife kupita kwa otolera, ndipo mwina imabwerera ngati chimbudzi kapena msewu. Koma K1,500 yotayika ija sisamukira kulikonse, ndipo siilembedwa m'buku la munthu, n'chifukwa chake timaiiwala.

Kenako analemba masamu pa bolodi, nawonso ongoyerekeza. Msika ukugulitsa ndowa 100 patsiku, ndipo K1,000 iliyonse ya msonkho imachotsapo ndowa 10. Pa msonkho wa K1,000 zigulidwa 90, otolera apeza K90,000. Ndowa 10 zimene zalephereka ndi zija phindu lake linali laling'ono, losapitirira K1,000, kotero tikazisakaniza iliyonse yataya ngati K500, zonse pamodzi K5,000. Pamenepo palibe wodandaula. Msonkho ukafika K2,000 zigulidwa 80, otolera apeza K160,000, koma ndowa zolephereka ndi 20 ndipo iliyonse yataya ngati K1,000, ndiye kuti K20,000. Onani bwino apa: msonkho wakwera kawiri, zotolera sizinafike kawiri, koma zotayika zakwera kanayi. Zimatero chifukwa malonda ofa achuluka, komanso amene akufa tsopano ndi onona kuposa oyamba aja.

Pa K5,000 otolera amafika pachimake, K250,000 kuchokera ku ndowa 50. Kupitirira apo ndi kutsetsereka. Pa K8,000 zatsala ndowa 20 zokha ndipo otolera apeza K160,000, yofanana ndendende ndi imene ankapeza pa K2,000, pamene zotayika zafika K320,000. Ine ndinabwereza masamuwa pafoni usiku kuchipinda chifukwa sindinakhulupirire, ndipo anatuluka chimodzimodzi. Anatiuza kuti nzeruyi ndi yakale. Injiniya wa misewu ndi milatho wa ku France, Jules Dupuit, anailemba mu 1844, poona kuti mlatho ukaikidwa mtengo wokwera wowolokera, anthu amasiya kuwoloka pamene mlathowo unamangidwa kale.

Chitsanzo chenicheni chimene anakhalitsapo ndi cha ku Uganda. Mu Julaye 2018 boma la kumeneko linaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni, ndipo unkaluma potumiza, polandira ndi potapa pomwe, kotero ndalama imodzimodzi inkadulidwa kangapo paulendo umodzi. Anthu ambiri, makamaka otumiza ndalama zikuluzikulu, anabwerera ku ndalama za m'manja ndi ku banki, ndipo maejenti anayamba kukhala tsiku lonse osaona kasitomala wokwanira. Chaka chisanathe nyumba ya malamulo inautsitsa kufika pa theka la peresenti, ndiponso potapa pokha. Peresenti imodzi imaoneka yochepa, koma inali yolemera chifukwa anthu anali ndi kothawira pafupi.

Mfundo ya kothawirayi ndi imene ndikufuna tiimvetse. Msonkho pa mchere suphetsa malonda ambiri chifukwa ndiwo sizidyeka zopanda mchere, kungoti umapweteka kwambiri osauka. Usipa suli choncho. Ukadula, mayi amatembenukira ku soya pisesi, mazira, nyemba kapena bonya wa kumsewu. Mnyamata wina wa ku Mchinji anafunsa za fodya ndi mowa, ndipo mayiwo anavomera kuti kumeneko nkhani ndi ina, chifukwa kuchepa kwa osuta ndi chimene boma limafuna. Anangochenjeza kuti ngati katunduyo akungolowa mozemba kudzera m'njira zachidule za m'malire, ndiye kuti kusuta sikunachepe, chachepa ndi msonkho wokha.

Tsopano za kwathu. Mukudziwa kuti pali ganizo loti chopereka chomangira shedi chichoke kwa ogulitsa nsomba okha, pa ndowa iliyonse yolowa pageti, ati chifukwa ndi amene akupanga ndalama ndiponso amanunkhitsa msika. Ine ndikukana, ndipo ena anena kuti ndikukana chifukwa mlamu wanga amagulitsa usipa. Nenani, koma kumbukirani za tomato. Komiti itakweza chopereka cha dengu la tomato, amayi aja anatuluka n'kukayala kumsewu pafupi ndi depoti, m'fumbi, akuthamangitsidwa tsiku ndi tsiku, madengu ena akuphwanyika pothawa. Mabenchi awo mpaka lero akugonapo agalu. Ogula tomato kumsewu amagulanso anyezi ndi mafuta komweko, kotero ngakhale ife a golosale tinaluza. Nthawi imeneyo ndinapempha kuti tione buku la zotolera, ndinayankhidwa kuti ndikufuna mpando. Bukulo sindinalionebe, a Pampando.

Njira yodziwira ngati chopereka chapitirira muyeso mphunzitsi wa zachuma uja anatipatsa, ndipo sifuna kompyuta. Tisamawerenge ndalama zokha, tiziwerenganso katundu wolowa. Munthu mmodzi aime pageti ndi kope milungu iwiri chopereka chisanasinthe, alembe ndowa zolowa tsiku lililonse, kenako abwerezenso chitasintha. Tikakweza kawiri ndipo ndowa zatsika kupitirira theka, ndiye kuti tikutolera zochepa kuposa kale. Koma tisamale ndi nyengo, chifukwa usipa umasowa wokha mwezi ukawala kapena mwera ukawomba panyanja, ndiye tisanamizire chopereka zimene wachita ndi mphepo. Tiyerekeze milungu yofanana, tiyang'anenso ngati ndowa zosowazo zili kumsewu.

Ganizo langa ndi loti ndalama ya shedi ichoke pa kachopereka kakang'ono ka benchi iliyonse, kuyambira a kaunjika, a nsomba, a zitsulo mpaka ife a golosale. Malinga ndi masamu aja, tizopereka khumi ting'onoting'ono timapha malonda ochepa kusiyana ndi chimodzi chachikulu, ndipo palibe amene angasiye benchi yake chifukwa cha ndalama yosakwana mtengo wa mandasi.

Tsiku lachiwiri kunali magulu okambirana ndi kujambulitsa, chakudya chinachedwa. Ndikupempha kuti nkhani ya shedi isavoteredwe Loweruka lino mpaka kope la pageti litadzaza milungu iwiri, ndipo ngati palibe wofuna kuima pageti, ndiyamba ndine Lolemba.