Mfumu Mutesa sinafuule, inanong'ona

Akonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi ndemanga imene munasindikiza pa tsamba lanu la zolembalemba Loweruka lapitali, yonena za ndakatulo ya malemu a David Rubadiri yotchedwa "Stanley Meets Mutesa". Ndinaphunzitsa ndakatuloyi kusekondale kwa zaka zambiri ndisanapume pa ntchito, ndipo sindikadalemba kalatayi chikhala kuti mdzukulu wanga sanabwere ndi tsambalo atalidula bwinobwino ndi lumo, nalimata m'kope mwake, ataika ndi mzere wofiira pansi pa chiganizo chimene chandipweteka mtimacho. Chiganizocho chikuti mfumu Mutesa ya ku Buganda, m'dziko la Uganda, inafuula mwachimwemwe polandira Stanley, mzungu wofufuza maiko, ndipo potero mlakatuli akuonetsa ubale wa mitundu iwiri ndi mtima wa Aafirika wokonda alendo.

Mfumuyo sinafuule. Aliyense amene ali ndi ndakatuloyi atsegule ndime yomaliza aone yekha. Chipata cha bango chikutsegulidwa, pakugwa bata, ndipo mlakatuli akutiuza yekha kuti batalo ndi la anthu amene akuyesana ndi maso. Mfumu yaitali ikusendera kutsogolo, ikumuposa msinkhu mzungu woonda wandevu uja, ikugwira dzanja lake, kenaka ikunong'ona mawu atatu a Chiswahili akuti "Mtu mweupe karibu", kutanthauza kuti mzungu, takulandira. Ngakhale kunong'onako, mneni amene a Rubadiri anasankha akusonyeza kuti mawuwo anatuluka movutikira, monga mmene amatulukira mawu a munthu amene pakhosi pake pauma. Munthu angawerenge bwanji kunong'ona kovutikira n'kulemba kuti kufuula mwachimwemwe? Kumeneku sikusiyana maganizo pa tanthauzo la ndakatulo ayi, chifukwa pa tanthauzo anthu amasiyana ndipo n'kololedwa. Kumeneku n'kuika m'kamwa mwa mlakatuli mawu amene sanalembe, ndipo nyuzipepala yanu yawatumiza mawuwo kwa ana asukulu m'dziko lonse lino. Ndakatulo yonse yatsamira pa mneni mmodzi ameneyo. Mukamuchotsa n'kuikapo wina, zimene zatsala si ndakatulo ya a Rubadiri.

Kuti ndisaoneke ngati ndikungokalipa, ndivomereze pamene olemba ndemangawo anena zoona. Anena bwino kuti mbali yaikulu ya ndakatuloyi si ya Stanley kapena Mutesa, koma ya amtengatenga, ndipo pamenepo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mlakatuli akutionetsa mzere wa anthu otopa ovala nsanza, mabokosi olemera akugwa pamitu yawo yometa, kutentha masana, kuzizira usiku, udzudzu, ndi ntchentche zounjikana pamisana ya thukuta. Ife Amalawi mawu akuti mtengatenga timawadziwa, chifukwa makolo athu ambiri anasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ena sanabwerere kwawo. Anenanso zoona kuti pamene ulendowo ukufika pamadzi, ndakatulo ikusintha mayendedwe: anthu akuthamangira kumadzi ngati agwape aludzu, katundu akupepuka, mitima ikugunda mofulumira. Chimwemwe chilimo ndithu m'ndakatuloyi, koma ndi cha apaulendo amene aona madzi ndipo akulota za nyimbo ndi magule kubwalo la mfumu. Si cha eni mudzi.

Ndipo apa ndi pamene olembawo aphonya kachiwiri, chifukwa ndime yotsatira ikuphwanya maloto amenewo mwadala. Anthu a m'mudzi akuonerera atabisala kuseri kwa nthochi, ana akusuzumira m'mipanda ya bango. Mlakatuli akutchula zinthu zimene kunalibe: kunalibe amayi oimba nyimbo zolandira mlendo, kunalibe ng'oma zolonjera kazembe wachizunguyo. Kunali akuluakulu ochepa ogwedeza mitu mwakachetechete, ndi kulira kwa ng'oma imodzi yoitanira nduna kubwalo kuti akakambirane, pakuti dziko linali lokayika. Mawu okayikawo ali m'ndakatulo momveka, sindikuwapeka ine. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa mmene mlendo wofunidwa amalandiridwira. Ana amathamanga kukamulandira katundu akadali kunjira, amayi amaimba nthungululu, mphasa imayalidwa asanafike pakhonde. Mlendo akafika n'kupeza ana akusuzumira pampanda, akuluakulu akungogwedeza mitu, amadziwa yekha kuti pali nkhani, ndipo amakhala pansi mosamala. Sindikumvetsa kuti munthu wa kuno kwathu angawerenge ndime imeneyi n'kuonamo chikondwerero.

Pali umboni wina wochokera kunja kwa ndakatulo umene ukadawathandiza olembawo akadafuna kuufufuza. Stanley anakumana ndi Kabaka Mutesa woyamba wa ku Buganda mu Epulo 1875, ndipo m'zolemba zake iye mwini akufotokoza kuti anafika pa bwato, panyanja ya Victoria, nalandiridwa ndi khamu la anthu, mbendera, ng'oma ndi kulira kwa mfuti. Ndiye kuti a Rubadiri, amene anaphunzira ku Budo ndi ku Makerere m'dziko la Uganda lomwelo, ndipo mbiri imeneyi ankaidziwa, anachotsa dala phokoso lonselo naikapo bata. Mlakatuli akasiya zimene mbiri ikunena n'kulemba zosiyana nazo, wowerenga wanzeru amafunsa chifukwa chake. Yankho langa ndi lakuti sankafuna kutiuza mmene tsikulo linaonekera m'maso mwa Stanley, koma mmene likuonekera kwa munthu amene akudziwa zimene zinatsatira. Kalata ya Stanley yoitana amishoni inatuluka m'nyuzipepala ku London mu Novembala 1875, amishoni a Chingerezi anafika ku Buganda mu 1877, ansembe a Chikatolika mu 1879, ndipo pofika 1894, patatha zaka khumi Mutesa atamwalira, dzikolo linali m'manja mwa Britain. Ndicho chifukwa chake mzere womaliza sukunena kuti Stanley walowa. Ukunena kuti chipata cha bango chatsekeka kumbuyo kwawo, ndipo amene walowetsedwa ndi dziko lonse la azungu. Ndemanga ija sinatchule mzere umenewu ngakhale kamodzi.

Olembawo atsamira kwambiri pa mizere iwiri imene ikunena za mtsogoleri wovala kaki kuti ndiye mzimu wolimbitsa gulu ndiponso kuwala kwa chiyembekezo, ndipo akuti apa a Rubadiri akutamanda kulimba mtima kwa Stanley. Mizereyo ilipo, sindikukana. Koma mzere wa ndakatulo suwerengedwa pawokha ngati chikwangwani cha pamsewu. Timayang'ana chimene chili pamwamba pake. Pamwamba pake penipeni mlakatuli wanena kuti tsiku lililonse kavalo wotopa ankagwa n'kusiyidwa kuti adyedwe ndi miimba, ndipo masana alionse munthu wongotsala mafupa ankagwanso, koma ulendo unkapitirira. Ziganizo ziwirizo anaziumba mofanana, cha kavalo ndi cha munthu, kuti timve kuti pa ulendowo imfa ya munthu ndi imfa ya chiweto zinkalemera chimodzimodzi. Ndipo pokhapokha atatha kunena zimenezo ndi pamene akutchula kuwala kwa chiyembekezo. M'kalasi ndinkawauza ana kuti awerenge ndime imeneyi mokweza kuyambira pa kavalo mpaka pa kuwalako osapumira, ndipo palibe mwana amene ankafika kumapeto akuganizabe kuti ndi mawu otamanda. Ngati ndi chitamando, ndi cha anthu amene alibe kwina kotsamira m'chipululu kupatula munthu yemweyo amene akuwayendetsa mpaka kufa.

Sindikunena kuti ndakatuloyi ikunyoza Mutesa kapena kumuyesa wopusa, monga amanenera ena amene amapyola malire mbali inayo. Mfumu ya m'ndakatuloyi ndi yaulemerero, ndi yaitali, ndiyo ikuyamba kusuntha, ndiyo ikugwira dzanja la mlendo. Ndipo Mutesa weniweniyo sanali munthu wosadziwa dziko. Anali ataonana kale ndi Speke, mzungu winanso wofufuza maiko, mu 1862, amalonda a ku Zanzibar ankafika kubwalo lake, n'chifukwa chake Chiswahili chili m'kamwa mwake, ndipo kumpoto asilikali a Igupto ankasendera chakumwera motsata mtsinje wa Nile. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mfumu yopanikizika inali ndi chifukwa choyembekeza kuti kalumo ka mlendo uyu kangaithandize. Kunong'ona kuja ndi kwa munthu amene wayeza zinthu, waona kuti kutseka chipata n'koopsa ndipo kutsegula n'koopsanso, ndipo wasankha chimodzi mtima uli m'mwamba. Kulemera konseko olemba ndemanga akuchotsa ndi mawu awo awiri akuti "inafuula mwachimwemwe".

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti vutoli silinayambe Loweruka lapitali. Masiku ano ana ambiri sakuwerenga ndakatulo, akuwerenga zimene ena alemba za ndakatulo. M'sukulu zambiri buku limodzi amagawana ana khumi kapena kuposa, ndiye mwana amakopera timanotsi ta mnzake, mnzakeyo anakopera kwa wina, ndipo pamapeto pake palibe amene anaona mzere ngakhale umodzi wa mlakatuli. Ndinkaziona pochonga mayeso: mapepala ambirimbiri olakwa pa malo amodzimodzi ndi mawu amodzimodzi. Mwana wotere akaona chinthu chasindikizidwa m'nyuzipepala amachitenga ngati lamulo, ndipo mphunzitsi akamutsutsa amaoneka ngati ndiye wosadziwa. Mdzukulu wanga anandiyankha mwaulemu kuti, "Koma agogo, zalembedwa m'nyuzipepala." Ndinachita kutulutsa buku langa lakale, lothothoka chikuto, n'kumuloza mzerewo ndi chala kuti awerenge yekha. A Rubadiri anali kazembe woyamba wa dziko lino ku America ndi ku bungwe la United Nations mu 1964, anatsogolera Yunivesite ya Malawi, ndipo atisiya mu 2018. Sangathenso kudziyankhira okha, ndiye udindo wosamala mawu awo uli ndi inu amene muli ndi makina osindikizira.

Pempho langa ndi lalifupi. Sindikizani chikonzero pa tsamba lomwelo Loweruka likudzali, ndipo kuyambira tsopano musalole ndemanga ya ndakatulo kutuluka popanda mizere imene wolembayo akutsamirapo, yolembedwa monga ilili, kuti owerenga aziyeza okha. Ngati olemba ndemangawo ali ndi buku limene mfumu Mutesa ikufuula, atiuze dzina la bukulo ndi tsamba lake, ndipo ine ndidzalemba kalata ina yopepesa.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Zomba