Kwa mnzathu amene wasowa masabata awiri

Anzathu othamanga nonse,

Mmodzi mwa ife sanaoneke pabwalo masabata awiri, ndipo tamva kuti akuchita manyazi kubweranso. Dzina sititchula. Achimwene, tionane Loweruka lino 5:30 m'mawa pamalo athu omwe aja. Palibe amene adzakufunseni kuti munali kuti.

Masabata awiri salanda mphamvu za m'miyendo. Chimene chimatsika msanga ndi mpweya: mudzadabwa mukupuma wefuwefu, mtima ukugunda kwambiri, pa liwiro lomwe kale munkathamanga mukucheza. Zimenezi zimabwerera mwakale pakapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Chimene chimavulaza anthu ndi kufuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi. Ngati munkathamanga makilomita 10, Lowerukali thamangani 5 okha, pang'onopang'ono moti mukhoza kulankhula osabanika, ndipo Lamlungu mupumule. Akatumba akamawawa miyendo yonse iwiri mawa lake, musadandaule. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, pamsongolo kapena pabondo, mukaumva imani.

Ngati anali malungo, malizani kaye LA yense, thupi lisiye kutentha, ndiye muyambe ndi kuyenda chabe.

Enanu, makamaka othamanga kutsogolo aja, mmodzi adzipereke kutsala naye kumbuyo Loweruka.